Wakuba wa nyumba zosayandikana: mzere ukutheka, koma msewu wozungulira ukukanika

nyerere_09
Akuluakulu, ndithandizeni pa funso la House Robber, nambala 198 pa LeetCode, ndi mng'ono wake nambala 213. Nyumba zili pa mzere, iliyonse ili ndi ndalama zake, ndipo wakuba saloledwa kulowa m'nyumba ziwiri zoyandikana. Tikufuna chiwerengero chachikulu chomwe angatole. Njira yanga ndi yophatikiza nyumba za pa indekisi 0, 2, 4, kenako za pa 1, 3, 5, n'kutenga chachikulu. Pa `[2,7,9,3,1]` ikupereka 12, yemwe ndi yankho lolondola, koma mayeso ena akuikana. Pa 213, pomwe nyumba yoyamba ndi yomaliza n'zoyandikana, sindikudziwa n'komwe poyambira.

tsabola
Yesani `[6,1,2,7]`. Njira yanuyo ipereka 8 mbali zonse ziwiri. Wakuba wanzeru atenga 6 ndi 7, zomwe ndi 13. Palibe lamulo loti azidumpha nyumba imodzi yokha, akhoza kudumpha ziwiri.

chitedze
Ndiye bwanji osangoyamba ndi nyumba ya ndalama zambiri, kufufuta anansi ake awiri, n'kubwereza pa zotsalazo? Pa mndandanda wa a tsabola mutenga 7, kenako 6. Nayo 13.

tsabola
`[4,5,4]`. Mutenga 5, mwataya 8.

chitedze
Chabwino, apo yagwa.

kadzidzi
Njira ziwirizi zikugwa pa chifukwa chimodzi. Zonse zikugamula za nyumba poyang'ana chinthu chimodzi chokha, malo ake kapena kukula kwa ndalama zake, pomwe phindu la kutenga nyumba limadalira zomwe mutaye pa anansi ake. Funso loyenera kufunsa pa nyumba iliyonse ndi ili: msewu ukanathera pano, ndalama zambiri zomwe ndikanatola ndi zingati? Yankho la funsolo pa nyumba `i` tilitche `dp[i]`.

Pa nyumba `i` zosankha ndi ziwiri basi. Mukaidumpha, mutsala ndi zomwe munali nazo pa nyumba yapitayo, `dp[i-1]`. Mukaitenga, nyumba ya `i-1` siloledwa, ndiye muphatikiza ndalama za panopa ndi zabwino koposa za mpaka pa `i-2`.

```
dp[i] = max(dp[i-1], dp[i-2] + nums[i])
```

Tiyeni titenge msewu wa nyumba 7: `[6,1,2,7,3,2,8]`. Pa nyumba 0 tili ndi 6. Pa nyumba 1 tisankha pakati pa 6 ndi 1, tikhalabe pa 6. Pa nyumba 2, kutenga kukupatsa 2 kuphatikiza 6, ndiye 8, kuposa 6. Pa nyumba 3, kudumpha kukusiyirani 8, koma kutenga kukupatsa 7 kuphatikiza `dp[1]` yemwe ndi 6, ndiye 13. Onani kuti apa m'pomwe kudumpha nyumba ziwiri kwachitika kokha, popanda kukulembera lamulo, chifukwa `dp[1]` anali atasunga kale 6 wa nyumba 0. Pa nyumba 4, 3 kuphatikiza 8 ndi 11, sakufika pa 13, tikhalabe pa 13. Pa nyumba 5, 2 kuphatikiza 13 ndi 15. Pa nyumba 6, 8 kuphatikiza `dp[4]` yemwe ndi 13 ndi 21, kuposa 15.

Tebulo lonse ndi `[6,6,8,13,13,15,21]`, yankho 21, kuchokera pa 6, 7 ndi 8. Njira ya a nyerere_09 pa msewu womwewu ikanapereka 19.

nyerere_09
Zikomo a kadzidzi. Ndalemba momwemo koma ndikupeza 19, osati 21. Ndayamba ndi `dp[0] = nums[0]` ndi `dp[1] = nums[1]`.

kadzidzi
Vuto lili pa `dp[1]` pomwepo. Liyenera kukhala `max(nums[0], nums[1])`. Mwaika 1 pomwe payenera kukhala 6, choncho pofika pa nyumba 3 pulogalamu ikuona 7 kuphatikiza 1, ndiye 8, m'malo mwa 13, ndipo cholakwikacho chikuyenda mpaka kumapeto. Muli ndi njira yachangu yogwirira vutoli: sindikizani tebulo lonse. Manambala ake sayenera kutsika pena paliponse, popeza kuwonjezera nyumba pa msewu sikungachepetse zomwe wakuba angatole. Lanulo likuyamba 6 kenako 1. Mukangoona kutsika, dziwani kuti `dp[i]` mwamusandutsa "ndalama ndikatenga nyumba `i` mokakamizidwa", lomwe ndi funso lina.

mlonda_wausiku
Kodi iyi si njira ija ya Kadane, yopezera chiwerengero chachikulu pa mndandanda? Mumayenda mukuphatikiza, chiwerengero chikatsika pansi pa 0 mumayambiranso.

tsabola
Ayi achimwene. Ya Kadane imafuna manambala otsatizana, ino ikuletsa otsatizana. Komanso pa mndandanda wopanda nambala yochepera 0, Kadane angophatikiza zonse. Kufanana kwake n'kwakuti zonse zimayenda kamodzi n'kusunga manambala awiri.

mlonda_wausiku
Eya, ndinawerenga funso mothamanga. Komabe manambala awiriwo ndiye mfundo yanga. Tebulo lonse n'lachiyani?

kadzidzi
Apo mwanena zoona. Sitepe iliyonse imayang'ana m'mbuyo malo awiri okha, ndiye tebulo mutha kulitaya.

```python
def mzere(nums):
    dzana, dzulo = 0, 0
    for x in nums:
        dzana, dzulo = dzulo, max(dzulo, dzana + x)
    return dzulo
```

Kuyamba ndi 0 ndi 0 kumachotsanso vuto la `dp[1]` lija, ndipo mndandanda wopanda kanthu umabweza 0 osaphulika. Nthawi ndi O(n), malo ndi O(1).

Msampha wake uli pa kusintha manambala awiriwo. Mu Python mzere umodzi uja umawerengera mbali ya kumanja yonse kaye, kenako n'kuika. Mukaugawa pawiri, n'kulemba `dzana = dzulo` poyamba, ndiye kuti pofika mzere wachiwiri `dzana` wakale wafufutika, ndipo mukuphatikiza `x` ndi `dzulo`. Pulogalamu yotere imatenga nyumba zonse. Pa msewu wathu ipereka 29, zomwe ndi ndalama zonse za m'nyumba 7 zija. Yankho likafanana ndendende ndi `sum(nums)`, yang'anani pamenepo. Mu Java kapena C++ sungani kaye yankho latsopano penapake musanasunthe awiriwo.

nkhululu
Ine njira ya fankishoni yodziitana yokha ndimaiona yomveka kuposa tebulo. `f(i)` ndi chachikulu pakati pa `f(i+1)` ndi `nums[i] + f(i+2)`. Mizere itatu, yatha. Nyumba pa 198 sizipitirira 100, ndiye sipafunika kukometsera.

kadzidzi
Kumveka imamvekadi, ndipo ndi fomula yomweyo yoyendera chakumbuyo. Koma 100 si yochepa pa fankishoni imeneyo ngati simukusunga mayankho. `f(0)` imaitana `f(1)` ndi `f(2)`, `f(1)` imaitananso `f(2)` ndi `f(3)`, ndipo ntchito yomweyo imabwerezedwa motsatira kakulidwe ka manambala a Fibonacci. Njira zololedwa zosankhira nyumba pa mzere wa nyumba 7 zilipo 34, kuphatikizapo yosatenga kalikonse. Pa nyumba 100 chiwerengerocho chili ndi madijiti 21. Kompyuta yanu siimaliza. Ikani `@lru_cache(None)` pamwamba pa fankishoniyo, kapena sungani mayankho pa mndandanda, ndiye `f(i)` aliyense awerengedwa kamodzi.

nkhululu
Zosunga mayankho ndimazidziwa, ndimangoona ngati pa 100 n'zosafunika. Ndavomera. Koma ikasungidwa ndi O(n) ngati yanuyo.

tsabola
Pa nthawi inde. Pa malo ayi, chifukwa kuitana kumazama mpaka n. Python imaima pafupi ndi 1000 mukapanda kusintha malire ake. Pa nyumba 100 zilibe kanthu, pa 100000 muona `RecursionError`.

nyerere_09
Mzere wadutsa tsopano. Nanga wozungulira uja?

chitedze
Umenewo ndi wosavuta. Yendetsani njira ya mzere. Mukapeza kuti yankho latenga nyumba yoyamba ndi yomaliza zonse, chotsani yaing'ono mwa ziwirizo. Pa msewu wa a kadzidzi, 21 kuchotsa 6, yankho 15.

kadzidzi
A chitedze, mwaona bwino kuti vuto lonse lili pa nyumba ziwiri za kumalekezero. Koma 15 si yankho, ndi 16. Mukachotsa 6 wa nyumba 0, nyumba 1 yamasuka. Ili ndi 1, siyoyandikana ndi nyumba 3, ndiye 1, 7 ndi 8 zikupereka 16. Kuchotsa nyumba imodzi kumatsegula makomo omwe anali otseka, ndipo pa misewu ina kumasintha chisankho chonse mpaka pakati. Simungasoke chigamba pa yankho la mzere, muyenera kuwerengeranso.

Maganizo ake ndi awa. Pa msewu wozungulira, chisankho chilichonse chololedwa chimasiya nyumba yoyamba, kapena yomaliza, kapena zonse ziwiri. Ngati yomaliza yasiyidwa, zotsalazo ndi mzere wamba kuyambira 0 mpaka `n-2`. Ngati yoyamba yasiyidwa, ndi mzere wamba kuyambira 1 mpaka `n-1`. Ndiye muyendetsa fankishoni yomwe ija kawiri.

```python
def bwalo(nums):
    if len(nums) == 1:
        return nums[0]
    return max(mzere(nums[:-1]), mzere(nums[1:]))
```

Popanda yomaliza tili ndi `[6,1,2,7,3,2]`, ndipo tebulo lake talipeza kale, likuthera pa 15. Popanda yoyamba tili ndi `[1,2,7,3,2,8]`, tebulo lake ndi `[1,2,8,8,10,16]`. Chachikulu ndi 16.

nyerere_09
Mwatchula zinthu zitatu, kusiya yoyamba, yomaliza, kapena zonse ziwiri. Bwanji mukuyendetsa kawiri kokha?

kadzidzi
Chifukwa kuphatikiza nyumba 0 mu mzere woyambawo sikutanthauza kuti yatengedwa. Yangololedwa. Fankishoni ya mzere ikhoza kuidumpha ikaona kuti ilibe phindu. Choncho chisankho chosiya zonse ziwiri chili kale mkati mwa mzere woyamba, chilinso mkati mwa wachiwiri. Chimayesedwa kawiri, koma pofuna chachikulu kubwereza sikuwononga kanthu.

Pomwe kumawononga ndi pamene funso lasintha kukhala lowerenga njira zololedwa. Mzere wa nyumba 6 uli ndi njira 21. Mukaphatikiza 21 ndi 21 mupeza 42, koma njira zosiya zonse ziwiri mwaziwerenga kawiri. Zimenezo ndi za nyumba 5 zapakati, zilipo 13. Bwalo la nyumba 7 lili ndi njira 29.

tsabola
Ndipo `if` wa pamwambayo musamuchotse poganiza kuti ndi wokongoletsa. Pa `[5]`, `nums[:-1]` ndi `nums[1:]` zonse zilibe kanthu, yankho lituluka 0 m'malo mwa 5. Pa nyumba ziwiri sipafunika chapadera: `[2,3]` ikugawika kukhala `[2]` ndi `[3]`, yankho 3. Koma amene akugwiritsa ntchito tebulo loyamba ndi `nums[1]` aphulika pomwepo ndi `IndexError`, popeza chidutswa chilichonse chili ndi nyumba imodzi.

mlonda_wausiku
Bwanji osangogwiritsa ntchito `%` kuti indekisi izizungulira yokha? `dp[(i-1) % n]` ndi `dp[(i-2) % n]`.

kadzidzi
Ndiye `dp[0]` adzadalira `dp[n-1]`, yemwe akudalira `dp[0]`. Palibe poyambira. Ndipo vuto lenileni si indekisi. Pofika pa nyumba yomaliza muyenera kudziwa ngati nyumba 0 inatengedwa, koma nambala imodzi ya `dp` sinena zimenezo. 13 wa pa `dp[4]` ali ndi 6 wa nyumba 0 mkati mwake, koma poyang'ana 13 simungadziwe. Mu Python `dp[-1]` sadandaula n'komwe, amangowerenga malo omaliza a mndandanda, ndiye cholakwikacho chimadutsa mwakachetechete.

chitedze
Ndiye sungani chizindikiro. Pambali pa `dp[i]` ikani `True` ngati nyumba 0 ili m'kati. Pofika kumapeto, ngati chili `True`, musatenge yomaliza. Ulendo umodzi, osati iwiri.

tsabola
Pa msewu wathu chizindikirocho chikhala `True` kuyambira poyamba mpaka pa nyumba 5. Mukana 8, mutsala ndi 15. Njira ya 1, 7 inatayidwa kalekale chifukwa 8 anali wochepa kuposa 13, koma mwa ziwirizo ndi yokhayo yomwe inali ndi ufulu wotenga nyumba yomaliza.

kadzidzi
Ndi momwemo. Kuti ulendo umodzi utheke muyenera kunyamula mayankho awiri osiyana nthawi yonse, lina lololeza nyumba 0, lina loikana, kutanthauza manambala anayi m'malo mwa awiri. Zimatheka, koma ndi maulendo awiri omwe aja mwangowalowetsa mu lupu imodzi. Ntchito sinachepe, ndipo kuwerenga kwake kwavuta. Ine ndingasankhe kuitana kawiri.

nkhululu
Kamfundo kamodzi. Mukunena kuti malo ndi O(1), koma `nums[1:]` imakopera mndandanda.

kadzidzi
Zoona, imakopera, ndiye khodi ya pamwambayo ikudya O(n). Wofuna O(1) yeniyeni apatse fankishoni poyambira ndi pothera, n'kuyenda ndi `range(a, b)`. Pa nyumba 100 kusiyana kwake simungakuone, koma wofunsa mafunso a ntchito akhoza kukufunsani.

gulugufe
Pepani kupatuka pang'ono. Amene anapeka funsoli analephera chitsanzo china mpaka kutiphunzitsa kuba? Ndipo alamu yake ndi yotani yomwe imalira pokhapokha anansi awiri aberedwa usiku umodzi?

tsabola
Alamu yaulesi. Mlonda tili naye pagulu pano, atiuze.

mlonda_wausiku
Ine ndimalondera makompyuta, za m'nyumba sindilowerera.

kadzidzi
Nkhani ya wakuba ndi chovala chabe. M'masamu a magirafu limeneli ndi funso losankha mfundo zosalumikizana zolemera koposa. Pa girafu wamba ndi funso la gulu la NP-hard, lomwe palibe njira yachangu yodziwika yolithetsera, koma pa mzere, pa bwalo ndi pa mtengo limatheka mu O(n). La mtengo ndi nambala 337. Likubisalanso mu 740, Delete and Earn: mukaphatikiza manambala ofanana n'kuwaika pa indekisi yofanana ndi nambalayo, kutenga 3 kumaletsa 2 ndi 4, ndipo mwabwerera pa mzere womwe uja.

gulugufe
Langa ndi losiyana pang'ono. Ndikufuna kudziwa nyumba zomwe zatengedwa, osati chiwerengero chokha. Komanso manambala ena ndi ochepera 0.

kadzidzi
Pofuna nyumbazo, tebulo lonse likufunika, manambala awiri aja sakwanira. Yambirani kumapeto. Ngati `dp[i]` akusiyana ndi `dp[i-1]`, nyumba `i` inatengedwa, ndiye dumphirani pa `i-2`. Akafanana, bwererani sitepe imodzi. Pa `[6,6,8,13,13,15,21]`: pa 6 pali 21 ndi 15, yatengedwa, tipita pa 4. Pa 4 pali 13 ndi 13, tipita pa 3. Pa 3 pali 13 ndi 8, yatengedwa, tipita pa 1. Pa 1 pali 6 ndi 6, tipita pa 0, yomwe yatengedwa. Nyumba 0, 3 ndi 6. Pa bwalo chitani zomwezo pa chidutswa chomwe chapambana, ndipo chikakhala cha `nums[1:]` musaiwale kuwonjezera 1 pa indekisi iliyonse.

Za manambala ochepera 0, fomula imawadumpha yokha. Chomwe muyenera kugamula n'chakuti kusatenga kalikonse n'kololedwa kapena ayi. Pa `[-3,-1,-4]` fankishoni ya `mzere` ibweza 0. Ngati funso likukakamiza kutenga imodzi, yankho ndi -1, ndipo chongowonjezera ndi ichi: onse akakhala ochepera 0, bwezani `max(nums)`. Pa `bwalo` samalani ndi `if` uja, chifukwa `[-3]` ibweza -3 pomwe `[-3,-1]` ibweza 0, malamulo awiri mu fankishoni imodzi.

tsabola
Njira yobwerera m'mbuyoyo imapereka chisankho chimodzi chokha. Pa `[2,4,2]` zilipo ziwiri zopereka 4, ndipo yanuyo isankha nyumba 1 nthawi zonse. Ngati mayeso a a gulugufe akuyembekeza 0 ndi 2, aikana ngakhale ili yolondola.

gulugufe
Funso silinena kuti zikafanana titenge iti.

tsabola
Ndiye funsolo ndi lolembedwa mosakwanira, kapena woyesa amalandira chilichonse cholondola. Pa khodi palibe chokonza mpaka mutadziwa.

nyerere_09
213 yadutsa, ndathokoza nonse. Funso lomaliza: bwanji alamu ikamafika patali, mwachitsanzo pakati pa nyumba ziwiri zotengedwa pazikhala nyumba `k` zosiyidwa?

chitedze
Pa mzere musintha `dp[i-2]` kukhala `dp[i-k-1]`. Pa bwalo chotsani nyumba `k` zoyamba, kenako `k` zomaliza, mutenge chachikulu.

kadzidzi
Za mzere n'zoona. Za bwalo zikusowa zidutswa zapakati. Tengani `k = 2` pa `[0,9,0,0,0,9,0]`. Nyumba 1 ndi nyumba 5 zili ndi nyumba zitatu pakati mbali imodzi, ndi ziwiri mbali yozungulira, nyumba 6 ndi 0, ndiye n'zololedwa, yankho 18. Mukachotsa ziwiri zoyamba mwataya nyumba 1, mukachotsa ziwiri zomaliza mwataya nyumba 5, mupeza 9. Mufunika chidutswa chachitatu chochotsa imodzi mbali iliyonse. Lamulo lake ndi zidutswa `k+1`, chilichonse cha nyumba `n-k`, zoyambira pa 0, 1, mpaka `k`. Pa `k = 1` ndi ziwiri zomwe zija. Nthawi ikhala O(nk), ndipo `n` akapanda kuposa `k` bwezani `max(nums)`.

nkhululu
`k` akakhala wamkulu, tinene theka la `n`, O(nk) yasanduka O(n²). Palibe njira yochepetsa?

tsabola
Pa theka la `n` mutenga nyumba imodzi yokha, ndiye `max(nums)` yakwana. Povuta ndi pa `k` wapakati, monga `n` 100000 ndi `k` 1000. Zidutswa 1001 za nyumba 99000 ndi masitepe pafupifupi 99 miliyoni. C++ ipirira, Python wamba ichedwa. Zidutswazo zimagawana nyumba zambiri zapakati, koma chilichonse chimayamba ndi tebulo lake, ndiye kugawana ntchito sikoonekeratu. Amene ali ndi njira yoposa O(nk) aike khodi pano tiiyese pa mndandanda wa a kadzidzi.